Musanagule penti yezani khoma: kawerengedwe ka malita, mabulashi ndi masiku a pentala

Mlamu wanga wa ku Bembeke atagulitsa mbatatesi zake anandiimbira foni madzulo. "Alamu, ndikufuna ndipentenso nyumba yonse, mkati ndi kunja. Pentala akuti ndowa zinayi zikwana. Ndikagule mawa?" Ndinawafunsa ngati pentalayo anayeza. Iwo anati ayi, anangozungulira nyumba kamodzi, n'kusuzumira pabalaza, basi n'kutchula nambala. Ndinawapempha kuti ndalamazo azisunge kaye mpaka Loweruka ndibwere ndi tepi.

Nambala yongotchula ndi maso imavulaza mbali zonse. Ikachepa, ntchito imaima pakati, mubwererenso ku Dedza boma pa kabaza, ndipo nthawi zina mumakapeza kuti mtundu umene munagula watha, watsala wofanana nawo pang'ono. Ikachuluka, ndalama za feteleza zimaumira m'ndowa. Pano ndilongosola momwe tinawerengera nyumba ya alamuwo, kuti inu mungoikapo manambala a nyumba yanu. Zofunika ndi tepi yoyezera, kope, cholembera ndi munthu wogwira mbali ina ya tepi.

Kuyeza kunja

Penti sawerengedwa ndi zipinda, amawerengedwa ndi kukula kwa khoma. Muyeso wake ndi sikweya mita, kutanthauza kachigawo ka khoma kotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mwamba. Mukadziwa kuti nyumba yanu ili ndi timagawo totere tingati, zotsalazo n'zophweka.

Yambani kunja. Nyumba ya alamu ndi ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ndiye kuizungulira yonse ndi mamita 36. Kuchokera pansi pomwe pulasitala wayambira kufika kumalata tinapeza mamita 3. Tikachulukitsa 36 ndi 3 tikupeza masikweya mita 108. Apa ambiri amalekera pomwepa n'kuiwala makoma awiri osongoka a m'mbali aja, amene amisiri amati gebulo. Kuwerenga kwake ndi kotere: m'lifupi kuchulukitsa ndi msinkhu wa nsongayo, kenako kugawa pawiri. Kwa alamu ndi mamita 8 kuchulukitsa ndi 1.5, kugawa pawiri, yankho 6. Magebulo ndi awiri, ndiye 12. Khoma lonse lakunja lafika 120.

Tsopano chotsani malo osapentedwa ndi penti wa khoma. Chitseko chimodzi muzichiwerenga ngati masikweya mita 2, windo wamba ngati 1.5. Zitseko zakunja ndi ziwiri, mawindo ndi 7, zonse 14 ndi theka, koma tinachotsa 14, n'kutsala 106. Timawindo tating'ono ta kubafa kapena timabowo tolowera mpweya musavutike n'kuchotsa, kapenti kake kadzakuthandizani pena.

Pali chinthu china chimene kwathu kuno sitingachilumphe. Mvula ikamagwa kuchokera pamalata imathovukira m'munsi mwa khoma ndi dothi lofiira, ndipo penti wowala sachedwa kuda pamenepo. N'chifukwa chake timapaka lamba wakuda kapena wofiirira kuzungulira nyumba, wa penti wa mafuta amene amatsukika. Lambayu tinamuika wa theka la mita, ndiye 36 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 18. Amenewa alembeni padera. Khoma lakunja lofuna penti wa madzi latsala masikweya mita 88.

Kuyeza mkati

Mkati lowani chipinda ndi chipinda, osangoganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi kunja. Khoma logawa zipinda lili ndi nkhope ziwiri, ndipo zonse zimafuna penti, choncho mkati mumadya penti wochuluka kuposa kunja, pafupifupi kawiri. Izi ndi zimene zinawadabwitsa alamu.

M'chipinda chilichonse yezani m'litali ndi m'lifupi, phatikizani, chulukitsani ndi 2. Pabalaza pa alamu ndi mamita 5.5 ndi 4, kuzungulira kwake 19. Chipinda chawo chogona ndi 4 ndi 4, ndiye 16. Zipinda ziwiri za ana ndi 3.5 ndi 3, chilichonse 13, zonse 26. Khitchini ndi 3.5 ndi 3.5, ndiye 14. Zonse pamodzi mamita 75. Kuchokera pasimenti kufika kusiling'i ndi mamita 2.7, ndiye makoma onse amkati ndi masikweya mita 203.

Pochotsa zitseko samalani pang'ono. Chitseko chakunja chimaoneka kamodzi mkati, koma chitseko cha pakati pa zipinda chimaoneka mbali ziwiri, ndiye chichotsedwe kawiri. Zitseko zinayi zamkati zinatipatsa 16, ziwiri zakunja 4, mawindo 7 aja pafupifupi 10. Tinachotsa 30, n'kutsala 173.

Siling'i ndi yosavuta chifukwa kukula kwake ndi kukula kwa pansi pa chipinda, m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Zipinda zisanuzo zinakwana masikweya mita 71. Ngati nyumba yanu ilibe siling'i, kumbukirani kuti makoma ena amakwera mpaka kumalata, muyeze mpaka pomwe mukufuna penti akafike.

Manambala athu tsopano ndi atatu: 88 kunja, 173 mkati, 71 kusiling'i. Koma musathamangire kusitolo, chifukwa gawo lofunika kwambiri ndi lotsatirali.

Khoma lanu lili ndi ludzu lotani?

Pa ndowa iliyonse amalembapo kuti lita imodzi imakuta masikweya mita angati. Nambala imeneyo si yabodza, koma ndi ya khoma losalala, louma, lopentedwa kale bwino. Makoma a nyumba zathu zambiri ndi a pulasitala wa mchenga wa kudambo, wokhakhala, ndipo amamwa penti ngati nthaka ya mu Okutobala ikalandira mvula yoyamba. Ine ndikamawerenga penti wa madzi ndimaika masikweya mita 8 pa lita imodzi pa khoma losalala lamkati, ndi 6 pa khoma lakunja lokhakhala. Ngati khoma ndi lowaza lija, la timiyulu timiyulu, ndimatsika mpaka 4. Penti wa mafuta pa chitseko kapena pa chitsulo amafika 12, koma pa pulasitala amatsikira ku 7.

Musanasankhe nambala yanu, liyeseni khoma m'njira zitatu, ndipo muyese mbali zonse zinayi za nyumba chifukwa sizikalamba mofanana.

Choyamba sisitani khoma ndi chikhatho kapena kansalu kakuda. Pakatsala ufa woyera, ndiye kuti pali laimu kapena penti wakale wafumbutuka. Penti watsopano akapakidwa pamenepo amamatirira ku ufa, osati ku khoma. Ndinaziona ndi maso anga panyumba ya mayi anga. Tinapenta pamwamba pa laimu m'mwezi wa Okutobala, nyumba inawala, anthu odutsa n'kumayamikira. Pofika Febuluwale khoma la kuseri linali litatupa matuza, ukalikhudza ndi chala penti n'kumasendeka ngati khungu la mbatatesi yophika, kuseri kwake kuli mbee ndi laimu. Ndowa yonse inapita pachabe, ndipo tinalipiranso munthu wopala.

Chachiwiri wazani madzi pakhoma ndi dzanja. Akatsetsereka kutsika, khomalo silimwa kwambiri. Akalowa nthawi yomweyo n'kusiya banga lakuda, khomalo lili ndi ludzu, lifunika pulayima, penti woyambira uja amene amatseka timabowo ta pulasitala kuti penti wodula asamwedwe.

Chachitatu yang'anani m'munsi mwa makoma ndi m'makona. Mukaona penti watupa, kapena pali ufa wonga mchere umene ukabwerera mukaupukuta, chimenecho ndi chinyezi chochokera pansi kapena padenga lodontha. Penti sachiza chinyezi. Konzani kaye ngalande, khonde la simenti kapena malata, khoma liume, kenako mupente. Ku Dedza kuno khoma loyang'ana kum'mwera silipeza dzuwa lokwanira m'miyezi yozizira, ndiye limagwira ndere zobiriwira kapena zakuda. Zimenezo zitsukeni ndi bulashi ya waya ndi madzi osakaniza ndi jiki, mutsukuluze ndi madzi oyera, mulisiye masiku awiri kapena atatu.

Kwa alamu tinapeza kuti khoma lakutsogolo ndi la mbali imodzi zinali ndi penti weniweni, wongofwifwa. Koma la kuseri ndi la mbali inayo anapakapo laimu zaka zapitazo. Makoma awiriwa, kuchotsa mawindo ndi lamba wa m'munsi, anakwana masikweya mita 46. Tinagwirizana kuti apalidwe mpaka pulasitala aonekere, kenako apakidwe pulayima kamodzi. Tikagawa 46 ndi 6 tikupeza malita pafupifupi 8, ndiye tinalemba zitini ziwiri za malita 5.

Kukhitchini kunali vuto lina. Nyengo yozizira mbaula imalowa m'nyumba, ndipo utsi ndi mafuta ophikira zinali zitadetsa makoma ndi siling'i. Mwaye ukapakidwa penti wa madzi umatulukiranso pamwamba ngati mabanga achikasu, ngakhale mupake kanayi. Mankhwala ake ndi kutsuka ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, kuumitsa, kenako kupaka andakoti wa mafuta, penti woyala pansi pa penti weniweni, kamodzi kuti atseke mabangawo. Makoma a khitchini ndi siling'i yake zinakwana masikweya mita 45, ndiye chitini chimodzi cha malita 5.

Njira yodalirika kuposa zonsezi, ngati muli ndi nthawi, ndi kugula kachitini kamodzi ka penti amene mwasankha, kuthira lita imodzi m'chidebe, kupaka pakhoma lokonzedwa kale mpaka ithe, n'kuyeza malo amene yakuta. Nambala imeneyo ndi ya khoma lanu lenileni, ndipo iposa yanga komanso ya pa ndowa.

Kusandutsa makoma kukhala malita

Lamulo lake ndi limodzi: masikweya mita kuchulukitsa ndi makoti, kugawa ndi malo amene lita imodzi imakuta, kenako kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo 10 la wotayika, wotsalira m'rola ndi wokonzera pena. Koti ndi ulendo umodzi wopaka khoma lonse. Popentanso nyumba muziwerenga makoti awiri. Mukafuna kuchoka pa mtundu wakuda, monga wobiriwira kapena wabuluu, kupita pa woyera kapena wa kirimu, werengani atatu.

Kunja: 88 kuchulukitsa ndi 2 ndi 176, kugawa ndi 6 ndi malita 29, kuwonjezera pang'ono paja ndi 32. Penti amagulitsidwa kwambiri m'ndowa za malita 20 ndi m'zitini za malita 5 ndi lita imodzi, ndiye apa pali njira ziwiri: ndowa imodzi ndi zitini zitatu, kapena ndowa ziwiri. Funsani mitengo yonse iwiri tsiku lomwelo, chifukwa lita ya m'chitini imadula kuposa lita ya m'ndowa, ndipo nthawi zambiri zitini zitatu zimayandikira mtengo wa ndowa. Alamu anatenga ndowa ziwiri, wotsalayo anapentera chimbudzi ndi bafa zakunja. Onetsetsani kuti pa ndowa palembedwa kuti ndi penti wa kunja. Wa mkati ndi wotsikirapo mtengo, koma akakumana ndi dzuwa ndi mvula chaka chimodzi amasanduka ufa.

Mkati: 173 kuchulukitsa ndi 2 ndi 346, kugawa ndi 8 ndi malita 43, kuwonjezera ndi 48. Ndowa ziwiri ndi zitini ziwiri. Izi zili choncho chifukwa alamu anavomera mtundu umodzi nyumba yonse. Chipinda chilichonse chikafuna mtundu wake, muwerenge chilichonse padera, ndipo dziwani kuti mtengo ukwera chifukwa muzigula zitini zing'onozing'ono ndipo mtundu uliwonse usiya wotsala wake. Chipinda cha ana chimodzi chija, mwachitsanzo, chimadya malita 8, ndiye mugula 10.

Siling'i: 71 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 8, malita 18. Ndowa imodzi ya penti woyera.

Penti wa madzi yekha wafika ndowa zisanu ndi zitini ziwiri, osawerengera pulayima ndi andakoti. Pentala uja anati zinayi. Sindikuganiza kuti ankafuna kuwabera. Nambala yake ikanakwana pokhapokha akanathira madzi ambiri, ndipo ndi mmene ambiri amakwanitsira. Penti wa madzi amalola madzi pang'ono pa koti yoyamba, lita imodzi ya madzi pa malita 10 a penti, kapena monga alembera pa ndowa. Kupitirira apo mukupaka madzi a mtundu. Mungazindikire mosavuta: penti amayenderera pakhoma, rola imawaza timadontho ngati mvula yowaza, ndipo akauma khoma lakale limaonekerabe.

Mtundu umodzi gulani wonse tsiku limodzi, pasitolo imodzi. Ndowa za mtundu womwewo zopangidwa nthawi zosiyana zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pakhoma dzuwa likawala. Ndowa yoyamba ikatsala pang'ono kutha, thiranimo wa m'ndowa yachiwiri n'kutakasa bwino, ndipo musasinthire ndowa pakati pa khoma, dikirani pakona.

Penti wa mafuta

Uyu ndi wochepa malita koma ndi amene amaiwalika pa bajeti. Chitseko chimodzi, mbali zonse ziwiri pamodzi ndi felemu yake, ndimachiwerenga masikweya mita 5. Zitseko 6 ndi 30, makoti awiri 60, kugawa ndi 12, malita 5. Windo la chitsulo lokhala ndi zitsulo zotchinga akuba limaoneka ngati lilibe malo ambiri opaka, koma penti wambiri amatsalira m'bulashi ndi kudontha, ndiye ndimaliwerenga masikweya mita 2. Mawindo 7, makoti awiri, ndi malita awiri ndi theka. Matabwa a m'mphepete mwa denga aja amati fisha bodi anatenga malita awiri. Popeza mawindo ndi matabwawo alamu anafuna zoyera, chitini chimodzi cha malita 5 chinakwanira zonse. Lamba wa m'munsi uja, masikweya mita 18, makoti awiri, kugawa ndi 7, ndi chitini chinanso cha malita 5.

Ndiye zitini zitatu za mitundu itatu. Onjezani lita imodzi ya pulayima wofiira wa zitsulo wopaka pomwe pali dzimbiri mutakwecha, ndi malita 5 a tapentaini wosungunulira penti ndi kutsukira mabulashi. Palafini kapena petulo musalole kuti alowe m'chitini, amaononga penti. Masiku opaka penti wa mafuta mawindo akhale otsekula, mbaula ikhale panja, ana asagone m'chipindacho.

Mabulashi ndi marola

Zida muziwerenge potengera anthu amene azipaka ndi mitundu ya penti, osati kukula kwa nyumba. Bulashi imene yalowa m'penti wa mafuta siibwereranso ku penti wa madzi, ndipo bulashi imene yapaka wakuda, ngakhale muitsuke bwanji, idzadetsa woyera.

Kwa alamu tinagula marola awiri a mainchesi 9, ina ya ubweya wautali ya kunja, yoti izilowa m'maenje a pulasitala, ina ya ubweya waufupi ya mkati ndi siling'i. Khoma lokhakhala limadya ubweya wa rola msanga, ndiye tinaonjezera ubweya wina wapadera. Thireyi imodzi yoviikamo rola, ndi ndodo yaitali yolumikiza ku rola kuti munthu afike kusiling'i ataima pansi. Mtengo wowongoka wa bulugamu kapena nsungwi umagwira ntchito imeneyi bwinobwino. Mabulashi a mainchesi 4 tinagula awiri, odulira m'makona ndi m'mphepete momwe rola siifika, komanso ina yachitatu ya pulayima ndi andakoti. A mainchesi 2 awiri, ina ya zitseko ina ya penti woyera. Ya mainchesi 3 imodzi ya lamba wa m'munsi, ndi timabulashi tiwiri ta inchesi imodzi ta zitsulo za m'mawindo.

Pogula bulashi ikokeni ubweya ndi zala muli m'sitolo momwemo. Ukathothoka m'manja, udzathothokeranso pachitseko chanu, ndipo kutola tsitsi pa penti wa mafuta wosauma kumasiya zipsera. Bulashi zotsika mtengo ndi zabwino pa pulayima, koma ya zitseko gulani yabwino.

Zokonzera khoma ndi izi: zopalira ziwiri, bulashi ya waya imodzi, mapepala a sandipepa okwana 10, theka okhakhala theka osalala, ndi mapaketi awiri a fila womatira ming'alu ing'onoing'ono. Mng'alu woti chala chilowe si wa fila, umafuna simenti ndi mchenga, ndipo chigamba cha simenti chimafuna masabata awiri kapena kuposerapo kuti chiume musanachipente. Ntchito imeneyo ichitike pentala asanabwere. Popala laimu ndi pokwecha penti wakale wa mafuta, mangani kansalu kumphuno ndipo nyowetsani pang'ono pokwechapo, chifukwa penti wina wakale ali ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana. Makwerero mufunse ngati pentala abwera nawo ake. Magebulo a alamu nsonga yake ili pa mamita 4.5, si pofika ndi mpando.

Masiku a pentala

Manambala omwe aja ndi amene amatiuza masiku. Pentala mmodzi wokhala ndi womuthandiza amapaka masikweya mita 100 kapena 120 patsiku, koti imodzi, kuphatikizapo kudula m'makona ndi kusuntha makwerero. Tikaphatikiza makoti onse a penti wa madzi, 176 kunja, 346 mkati ndi 142 kusiling'i, n'kuwonjezera 91 a pulayima ndi andakoti, tikupeza 755. Amenewa ndi masiku 7. Penti wa mafuta amachedwa chifukwa ndi ntchito ya bulashi yaing'ono: tsiku limodzi zitseko, tsiku lina mawindo, kubwerezanso, ndipo fisha bodi ndi lamba zimalowa m'mipata, masiku 4. Kupala, kutsuka, kumata ndi kukwecha tinaika masiku 3. Zonse pamodzi masiku 14 a pentala mmodzi ndi womuthandiza. Mapentala awiri ndi wothandiza mmodzi angamalize m'masiku 8 kapena 9.

Masiku atatu okonza khoma aja ndi amene amakonda kudyedwa. Pentala amene walonjeza kumaliza nyumba yotere yekha m'masiku asanu ndiye kuti sapala, satsuka, kapena apaka koti yachiwiri yoyamba isanaume. Penti wa madzi amafuna maola awiri mpaka anayi asanabwerezedwe, wa mafuta amafuna usiku wonse, kawirikawiri maola 16 mpaka 24.

Nyengo ya kuno imasintha kawerengedweka. Mu Juni ndi Julaye nkhungu imakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, makoma amadzuka ali onyowa ndi mame, ndipo kukazizira pansi pa madigiri 10 penti wa madzi sagwira bwino. M'miyezi imeneyi kunja kumapenteka kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 3, ndiye tsiku la ntchito ndi lalifupi, muwonjezere masiku awiri kapena atatu. Ku Tsangano ndi ku Lizulu ndi chimodzimodzi. Mu Ogasiti mphepo imauluza fumbi n'kulimata pa penti wa mafuta wosauma, ndiye zitseko zakunja ndi lamba muzipake m'mawa mphepo isanayambe. Ine ndimakonda Sepitembala ndi Okutobala, kunja kuli kouma mvula isanabwere, bola pentala azitsata mthunzi, osapaka khoma limene dzuwa likuliwomba, chifukwa penti amauma asanalowerere n'kusiya mizere ya rola.

Pa malipiro, funsani mapentala awiri kapena atatu a m'dera lanu kuti amalandira zingati patsiku, iwo ndi owathandiza, n'kuchulukitsa ndi masiku anu. Nambala imeneyo ikhale m'thumba mwanu pokambirana, koma mgwirizano ukhale wa ntchito yonse, osati wa patsiku, kuti ntchito isakokedwe. Lembani papepala zimene mtengowo ukuphatikiza: kupala laimu makoma akuti, makoti angati, zitseko ndi mawindo angati, ndani asuntha katundu, ndani apereka chakudya chamasana, ndani apukuta madontho pasimenti ndi pamagalasi. Alamu analipira m'magawo atatu, loyamba makoma atapalidwa ndi kupakidwa pulayima, lachiwiri koti yoyamba itatha nyumba yonse, lomaliza atayendera nyumba masana. Penti mugule nokha, ndowa zizitsekulidwa inu mukuona, ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana kuti yatsika bwanji. Popeza mukudziwa kuti chipinda cha ana chimadya malita 4 pa koti imodzi, mudzazindikira msanga ngati penti akutha mothamanga kapena ngati sakutha n'komwe, zimene zikutanthauza kuti madzi achuluka.

Dongosolo la kapakidwe limapulumutsa penti ndi masiku. M'chipinda muyambe siling'i, kenako makoma, kumalizira mawindo ndi zitseko. Kunja muyambe fisha bodi, kenako khoma kuchokera pamwamba kutsika, lamba wa m'munsi pomaliza penipeni, atamenya chingwe kuti mzere uwongoke. Banja likakhala kuti likugona momwemo, yambani ndi zipinda ziwiri, katundu aunjikidwe kwinako, zikauma musinthane.

Pentala wa alamu, bambo wachikulire ndithu, poyamba sanakondwe ataona kope langa. Koma titaima pakhoma la kuseri n'kumusonyeza chikhatho changa chili mbuu ndi laimu, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Apa pokha mwanena zoona achimwene, pakanasendeka." Anagwira masiku 15, limodzi linaonjezereka chifukwa laimu wa pagebulo anali wa zaka zambiri, wosanjikizana katatu. Mkati munatsala malita ngati atatu. Tinawathira m'chitini chaching'ono kuti mpweya uchepe, tinatseka chivindikiro ndi pulasitiki pansi pake, n'kulemba pambali dzina la mtundu ndi chipinda chake, kuti pomwe ana adzadetse ndi manja padzapezeke chokonzera.